Nambala ya pakati pa chithunzi cha mita ya azakhali

Sabata ino m'kalasi yathu ya zamagetsi aphunzitsi anatipatsa ntchito yooneka yaing'ono: aliyense apeze chithunzi cha mita yolipiriratu, alembe manambala ndi muyeso wake, kenako aike chizindikiro pa nambala iliyonse imene akuikayikira. Ine ndinagwiritsa ntchito zithunzi ziwiri zimene azakhali anga a ku Ndirande ananditumizira pa foni, popeza ndine amene ndimawagulira mayunitsi a ESCOM.

Cha Lolemba chinali choyera bwino: 48.6 kWh. Cha Lachinayi anajambula madzulo atayatsa kuwala kwa foni, ndipo kuwalako kunagunda galasi la mita n'kuphimba mbali ya kumanzere ya nambala yachiwiri. Ndinkaona 3 koyambirira, kadontho, ndi 2 kumapeto. Ya pakati ndinangolemba 9 mosaganiza n'komwe, chifukwa ndi imene maso anga ankafuna kuona.

Aphunzitsi atayang'ana anandifunsa kuti, "Timizere tingati mukutiona ndi maso, osati ndi mtima?" Nambala iliyonse pa mita ngati iyi imapangidwa ndi timizere tisanu ndi tiwiri: titatu togona, tiwiri toimirira kumanja, tiwiri toimirira kumanzere. Tonse tikaoneka ndiye 8. Kakasowa ka kumanzere m'munsi ndiye 9. Tikasowa tonse tiwiri ta kumanzere ndiye 3. Pa chithunzi changa ndinkaona togona titatu ndi ta kumanja tiwiri basi, ndipo 3, 8 ndi 9 onse ali nato timeneto. Chomwe chimawasiyanitsa chinali pansi pa kuwala kuja.

Kuchoka apo ndinayamba kuona manambala m'magulu. 0 ndi 8 amasiyana kamzere ka pakati kokha, 1 ndi 7 ka pamwamba, 5 ndi 6 ka kumanzere m'munsi, pomwe 6 ndi 8 amasiyana ka kumanja m'mwamba. Choncho sindifunsanso kuti nambalayi ikufanana ndi chiyani. Ndimafunsa kuti mthunzi, fumbi kapena mng'alu wa galasi wagwera pa kamzere kati.

Kenako ndinayesa masamu. Azakhali sanalowetse tokeni pakati pa masiku awiriwo, ndiye mayunitsi otsala amayenera kutsika. Nyumba yawo ili ndi firiji, wailesi yakanema ndi mababu, kuphika amaphika pa mbaula ya makala, ndipo m'kabuku kanga amatha mayunitsi atatu kapena kupitirira pang'ono pa tsiku. Ikakhala 39.2, atha 9.4 m'masiku atatu, pafupifupi 3.1 pa tsiku. Ikakhala 38.2, atha 10.4, pafupifupi 3.5. Ikakhala 33.2, atha 15.4, kupitirira 5 pa tsiku, zomwe zikanafuna kuti asite zovala zambiri kapena atenthetse madzi kangapo. Masamu anakankhira 3 kumbali, koma 8 ndi 9 sanathe kuwalekanitsa, ndipo apa m'pamene ndinavomera kuti 9 wanga uja anali wongoganizira.

Ndinalembanso chonchi: otsala, 3?.2 kWh, Lachinayi madzulo. Nambala yachiwiri 9 kapena 8, mwina 3. Mbali ya kumanzere yaphimbidwa ndi kuwala. Mawu oti "otsala" ndi ofunika, chifukwa mita yomweyo imathanso kuonetsa magetsi onse amene yawerenga chiikireni, ndipo nambala imeneyo imangokwera, sitsika. Muyesonso ndimaulemba monga ukuonekera: kWh ndi mayunitsi, koma kW ndi mphamvu imene nyumba ikukoka pa nthawi imeneyo, ndiye kachilembo kamodzi kakabisika nkhani yonse yasintha. Zolembedwa pa thupi la mita, monga imp/kWh pafupi ndi kanyale kothwanima, si mayunitsi a munthu ayi.

Kadontho ndiye kamandiopsa kuposa zonse. N'kakang'ono, kali m'munsi momwe fumbi limasonkhana, ndipo kakatayika 39.2 amasanduka 392. Munthu angagone mtima uli m'malo poganiza kuti ali ndi magetsi a miyezi inayi, pomwe sakwana masabata awiri. Mnzanga wina anabweretsa chithunzi cha mita ya madzi, ndipo vuto lake linali lachibale ndi langa: manambala akuda ndi m³, ofiira ndi tizigawo take, ndipo m³ imodzi ndi malita 1,000. Pa chithunzi chakecho kufiira kunali kutazilala.

Lachisanu m'mawa ndinaimba foni. "Azakhali, mupukute kagalasiko ndi kansalu, muzimitse kuwala kwa foni, muime moyang'anana ndi mita, ndipo mujambule kawiri." Iwo anati, "Mwanawe, zonsezi chifukwa cha nambala imodzi?" Koma anajambula. Zithunzi zonse ziwiri zinaonetsa 36.9 kWh. Kuchokera pa 38.2 ndiye kuti usiku unatha 1.3, kuchokera pa 39.2 unatha 2.3, ndipo zonsezi n'zotheka. 33.2 yokha ndi imene inagweratu, chifukwa mayunitsi sakwera popanda tokeni. Mzere wa Lachinayi ndinausiya ndi chizindikiro chake cha funso, n'kupereka pepala lili choncho.