Nyumba ya ku 49 ija inandidyera sabata yonse chifukwa cha kavidiyo ka masekondi 90

Lolemba ndikungofika pa ofesi abwana akuti kuli nyumba ku Eriya 49 cha ku Guliva, zipinda zogona zitatu, yamumpanda, yatha mwezi ndi theka yopanda munthu ndiye alandilodi mtima suli m'malo, akufuna vidiyo. Ine kamera sindigwira ayi, amajambula ndi mnyamata wathu wa pa ofesi, yanga ndi sikiripiti, kuti tiyambira pati, tikhotera mbali iti, ndipo mawu anena chani pamene foni yaloza chinthu chakuti. Tsiku limenelo ndinangopita ndi tepi yoyezera ndi kope basi, osajambula kanthu. Ndinatsegula mipopi yonse, kuyatsa masuwitchi, kuwerenga masoketi, kufulasha chimbudzi, kenako kuyang'ana m'mwamba chifukwa siling'i sinama, ngati denga limadontha pamakhala chibanga chachikasu olo apentepo kangati. Ndinachipeza m'chipinda chakumapeto. Ndinapezanso kuti ku boyizikota kumakhala munthu wina wa lendi yake, magetsi aliyense mita yake ya mayunitsi koma madzi mita ndi imodzi.

Lachiwiri ndiye kulemba, ndipo ndi pomwe tinayamba kukokana ndi amayi eni nyumba. Iwo amafuna tiyambire pabalaza chifukwa matailosi ndi atsopano, anawonongerapo ndalama, ndipo ndikuwamvetsa. Koma ine ndimalandira mafoni a anthu ofuna nyumba tsiku ndi tsiku ndipo palibe anayambapo ndi funso la matailosi. Amafunsa kuti kuchoka pa tala ndi patali bwanji, nthawi ya mvula galimoto yaing'ono imafika, madzi amatuluka, mita ndi yandekha, pabwalo tilipo angati. Akamva zimenezo ndi pomwe amafunsa zipinda. Ndiye sikiripiti yanga imangotsata mafunso amenewo mmene amabwerera, ndipo mwamwayi ndi mmenenso munthu amayendera akabwera ndi miyendo yake, amayamba kuona msewu, geti, bwalo, kenako kulowa.

Ndinagawa chonchi, msewu ndi geti masekondi 12, pabwalo pamene pali mita, thanki ndi poimika galimoto 15, pabalaza 10 okha, khitchini 15, zipinda zonse zitatu 20, bafa ndi chimbudzi 10, kuseri 8. Amayi atamva kuti balaza lawo lapatsidwa 10 anati mwana wanga ukundinyoza, ndinati ayi amayi, balaza munthu amangoliona kamodzi wadziwa kale ngati sofa yake ikwana, koma khitchini mayi aliyense amafuna aone sinki, makabati mkati mwake, pamene pakhale kuka ndi soketi yake, pamene pakhale filiji, komanso chitseko chotulukira kuseri chifukwa magetsi akathima mbaula imayatsidwa kumeneko.

Vuto lina ndi mawu. Poyamba ndinalemba mawu 230, nditawerenga mokweza ndi wotchi ya pafoni ndinadutsa mphindi ziwiri ndili wefuwefu, paja mawu athu Achichewa ndi aataliatali, "tikangotulukamo" ndi liwu limodzi koma limadya nthawi ya mawu atatu. Ndinadula mpaka 120. Chodula choyamba ndi chilichonse chimene maso akuona kale, kunena kuti "apa ndi pabalaza pokongola" ndi kutaya mpweya. Mawu azinena zimene kamera singaonetse. Pa msewu ndinalemba "kuchoka pa tala mpaka pano ndi mphindi zinayi wapansi, ndayenda ndekha". Pa chipinda chaching'ono, chimene ndinayeza mamita atatu mbali zonse, sindinanene mamitawo chifukwa ambiri sawaona m'mutu, ndinati "bedi ya dabulo ndi wodilopu imodzi zikwana, tebulo ayi". Ndipo pa sinki ndinalemba kuti apa osalankhula, dzanja litsegule mpopi madzi amveke masekondi anayi. Phokoso la madzi lija limagulitsa nyumba kuposa ine.

Mtengo sindimaunena pakamwa. Umalembedwa pansi pa vidiyo pamodzi ndi nkhani yoti akufuna miyezi itatu yoyambira, chifukwa alandilodi akasintha maganizo, ndipo amasinthadi, umangokonza zolembazo osati kukajambulanso.

Lachitatu linathera pa zinthu ziwiri zija, chibanga ndi mita ya madzi. Amayi amati denga anakonza kale ndiye chibangacho tichidumphe, za madzi tidzawauza akabwera. Ndinawauza kuti amayi, munthu awononge thiransipoti kuchoka ku Eriya 23 kapena ku Likuni, afike adzapeze kuti bilu ya madzi azigawana ndi munthu wosamudziwa, abwerera atakwiya ndipo dzina loipa likhala lathu tonse, pamene wina amene alibe nazo vuto akabwera akudziwa kale amangolipira. Tinagwirizana kuti siling'iyo apente tisanajambule poti malata anasinthadi, ndinakwera ndekha kukaona, koma za mita zilowe musikiripiti, chiganizo chimodzi chabe, "magetsi mita ndi yanu, madzi mugawana ndi munthu mmodzi wa ku boyizikota". Ndinachiika koyambirira pabwalo pomwe, osati kumapeto ngati tikubisa.

Lachinayi kujambula. Tinafika 9 koloko chifukwa mawindo a pabalaza ayang'ana kum'mawa, madzulo mumakhala kamdima. Mnyamata uja wangoyamba ndaona chipinda chaching'ono chija chikuoneka ngati holo ya ukwati, kuyang'ana foni wayika pa `0.5x`, akuti asisi ndi mmene anzathu amajambulira, nyumba imatchena. Ndinati bweza pa `1x`, lenzi imeneyo imatambasula makoma ndipo munthu akadzafika amaona ngati tamuonetsa nyumba ina. Chinanso chimene ndimalemba m'mbali mwa sikiripiti ndi kakhotedwe, ukalowa chipinda chilichonse imani pakhomo, yendetsa foni kuchoka kumanzere kupita kumanja, pang'onopang'ono, ndipo pakolido osadula. Ukadula pakolido woonera amasokonezeka, sadziwa kuti bafa lili pafupi ndi chipinda cha ana kapena ndi khitchini, pamene kwa banja loti lili ndi ana aang'ono odzuka usiku imeneyo ndi nkhani. Zipinda tinayamba ndi zazing'ono kumalizira chachikulu cha selefu, kuti munthu asamatsike mtima akamapita mtsogolo. Pa geti tinajambula chapafupi kuti loko ndi waya wapamwamba pa mpanda zioneke koma nambala ya puloti isaoneke, nyumba yopanda munthu sumaionetsa dziko lonse kuti ili pati, komanso pali maejenti ena amangotenga vidiyo yako n'kumadyera anthu ndalama zokaonera.

Mawu ndinakajambulira m'galimoto mawindo otseka, chifukwa m'nyumba yopanda katundu mawu amachita kubwerera ngati uli m'tchalitchi.

Lachisanu tinaiponya pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mafoni anabwera ochepa kusiyana ndi nthawi zina koma palibe anafunsa za madzi kapena msewu, amangoti ndibwere liti. Ndimadziona katswiri mpaka mayi wina anaimba madzulo, akuti vidiyo ndaiona kawiri, zonse zili bwino, koma zovala ndiziyanika pati? Kuseri kuja masekondi 8 onse tinathera pa khonde la mbaula, chingwe choyanikira ndi sinki yochapira zili chakumanja pang'ono chabe sitinazionetse. Loweruka m'mawa mnyamata uja anakweranso kabaza kukajambula chingwe.