Kope langa ndi mankhwala a agogo

Ukafunsa munthu zimene amaonera pa kanema, amakuyankha kuti nkhani ndi mapemphero basi. N'chifukwa chake aphunzitsi athu a kafukufuku anati tizikakhala nawo anthuwo pabalaza madzulo, tione wagwira rimoti ndani, wakhala pati ndani, akulongolola pulogalamu ili mkati ndani. Anatchula David Morley, amene mu 1986 anafalitsa zomwe anapeza atacheza ndi mabanja 18 ku London: rimoti imakhala ndi bambo, mayi amaonera uku manja ali pantchito. Komatu iyeyo anangofunsa mafunso. Ine ananditumiza ku Ndirande kukaona ndi maso.

Ndinayambira kwa amfumu ndi kalata ya kusukulu, iwo n'kundilozera banja lina. Nditatulutsa chikalata chopempha chilolezo, bambo a m'nyumbamo anafunsa kuti akasaina alandira chiyani. Kwathu kuno munthu wobwera ndi kope ndiye kuti akulemba mayina a thandizo, moti aneba anali atayamba kale kudzadza pakhonde. Ndinafotokoza kuti palibe cholandira, mayina awo sadzatchulidwa, ndipo akatopa nane akhoza kundithamangitsa tsiku lililonse. Anasaina. Mayi anangoti, "Bambo avomera, ife ndife ndani?"

Masiku oyamba sindinaone chilichonse. Anandikhazika pampando wabwino, rimoti n'kundipatsa ineyo, amene ndinabwera kudzaona kuti amaigwira ndani. Nditakana, bambo anaika nkhani, banja lonse chete ngati pamaliro. Ndikangogwira cholembera, ana ankawongola misana. Mwana wina atayetsemula, mayi anandiyang'ana n'kufunsa, "Zimenezonso mwalemba, achimwene?"

Njira yake pamenepa ndi yosalemba pamaso pa anthu. Umasunga m'mutu, ukapeza mpata n'kulemba timawu tochepa tokukumbutsa, monga nthawi, tchanelo ndi mawu enieni amene wina wanena, kenaka ukafika kwanu usiku womwewo n'kulemba zonse bwinobwino usanagone, chifukwa kukacha theka lauluka. Tsono mpata m'nyumba ya zipinda ziwiri uupeza kuti? Ndinasankha kuchimbudzi. Zinathandizadi. Kope litachoka pamaso, nkhani zikangotha ankasintha n'kuika filimu ya ku Nigeria, ine zolemba n'kuchuluka, maulendo a kuseri nawonso n'kuchuluka.

Agogo ankawerenga maulendowo. Usiku wina ndikubwerako ndinawapeza atandikonzera kapu ya madzi akuda a makungwa. "Mdzukulu wanga, m'mimba si mochita namo manyazi. Imwa." Ndikanena zoona ndiye kuti ndimakalemba za iwo mobisa, ndikapanda kunena ndiye ndimwe. Ndinamwa. Kuwawa kwake ndinaona nyenyezi, ndipo pasanathe ola ndinathamangira kuchimbudzi, ulendo uno pazifukwa zenizeni. Kope ndinalisiya pampando.

Tsamba lililonse ndinkaligawa pawiri monga anatiphunzitsira: kumanzere zimene ndaona, kumanja zimene ndikuganiza, kuti ziwirizi zisasakanikirane. Mayina ndinabisa, ndinkalemba Bambo A, Mayi A. Kubisa kumeneku kumateteza banja kwa owerenga akutali. M'nyumba muli bambo mmodzi sikubisa kanthu.

Ndili chikhalire kuseriko ndinamva mtsikana wawo wa sitandade 7 akuwerenga mokweza, momveka bwino kwambiri, aphunzitsi ake ayamikike: "7:40, Bambo A agwira rimoti. Mayi A atsokomola ali pakhomo la kukhitchini. Bambo A asintha tchanelo. 8:15, Bambo A agona, rimoti ili pamimba. Mwana aitenga. Bambo A adzuka n'kunena kuti amaonera." Kenaka anapita kumanja: "Rimoti ndi ya bambo, koma wosankha ndi mayi."

Ndinalingalira zotulukira kudenga. Nditalowa, bambo anali chilili. "Achimwene, ine ndimagona?" Ndisanayankhe mayi anati, "Mumachita kuliza mkonono." Agogo anati nawonso zimenezi akhala akuziona kuyambira kale, kungoti sadziwa kulemba. Unabuka mkangano wa mpira, wa mafilimu, wa amene amagula mayunitsi a magetsi, zonse zimene ndinakhala ndikudikira, ine wopanda kope, m'mimba mukubangula.

Ndinawakumbutsa bambo kuti chikalata chija chikuwalola kundichotsa, ndipo akatero masamba onsewo ndiwang'amba. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti ndipitirize, bola ndilembe kuti sagona, amapumitsa maso. Ndinalemba kumanzere, monga mawu awo. Mawa lake mpando wabwino unabwerera kwa eni ake, ine anandipatsa chigubu cha madzi pafupi ndi chitseko, ndipo chithunzi chikayamba kudukaduka wotumidwa kukapotoza mlongoti ndinali ine.