Mmene ndinafufuzira kuti Superman weniweni ndi uti

Funso limene ndinkafuna kuliyankha linali laling'ono: kodi Superman anakwatira Lois Lane, kapena ayi? Ndinali ndi mabuku awiri a makomiki, onse a kampani ya DC, osiyana ndi zaka zochepa chabe. M'buku loyamba Clark Kent, amene ndi Superman yemweyo, ndi mbeta, makolo ake omulera anamwalira kalekale, ndipo ali paubwenzi ndi Wonder Woman. M'buku lachiwiri ali pabanja ndi Lois, ali ndi mwana wamwamuna wa zaka ngati khumi dzina lake Jon, ndipo akukhala kumudzi. Onse awiri ndi mabuku enieni a kampaniyo. Ndiye weniweni ndi uti? Okonda makomiki akamati nkhani ili mu kanoni amatanthauza kuti ili m'mbiri imene kampani ikuivomereza pakali pano, ndipo kuti ndiipeze mbiriyo ndinadutsa njira imene ndikufotokozereni.

Ndinayamba ndi tsamba limene ambiri timalilumpha, la timalemba ting'onoting'ono koyambirira kwa buku. Pamenepo amalemba makope amene anasonkhanitsidwa m'bukulo ndi chaka chimene anatuluka koyamba. Chaka chimenechi n'chofunika kuposa nambala ya kope, chifukwa DC yayambiranso manambala kangapo. Pali Superman #1 wa 1939, wina wa 1987, wina wa 2011, winanso wa 2016, ndipo ena anabweranso pambuyo pake. Munthu akangokuuzani kuti "zili mu Superman #1", sanakuuzeni kanthu kufikira atatchula chaka. Buku langa la mbeta linali la makope a pambuyo pa 2011, la banja lija linali la 2016.

Kenaka ndinafunsa ngati nkhani zonse ziwiri zikuchitika pa dziko limodzi. Kuyambira mu 1961, pamene Barry Allen, Flash wa nthawiyo, anakumana ndi Jay Garrick, Flash wakale, mu The Flash #123, DC yakhala ikunena kuti pali maiko ambiri ofanana, lililonse ndi ngwazi zake. Nzeru imeneyi inathetsa vuto lenileni: Superman anayamba mu 1938, ndipo sakanakhala mnyamata mpaka kalekale. Choncho Superman wa zaka za nkhondo yachiwiri anamuika pa Earth-Two, kumene anakalamba n'kukwatira, wa masiku amenewo n'kukhala pa Earth-One. Mpaka lero mabuku ambiri otchuka ali kunja kwa mbiri yaikulu mwanjira imeneyi. Red Son ya 2003, mmene chombo cha mwanayo chikutera ku Soviet Union, ili ndi chizindikiro cha Elseworlds, kutanthauza kuti ndi nkhani ya "bwanji zikanakhala chonchi". Chizindikiro chotere mukachiona pachikuto, kafukufuku wathera pomwepo. Mabuku anga analibe. Onse anali ochokera m'makope a mwezi ndi mwezi, a dziko lalikulu limene Batman ndi anzake onse amakhala.

Apa ndi pamene ndinatenga pepala n'kujambula mzere wa zaka, n'kudula malo amene DC inayambiranso mbiri yake. Malo akuluakulu ndi awiri. Oyamba ndi Crisis on Infinite Earths, makope 12 a 1985 ndi 1986, a Marv Wolfman ndi George Pérez, amene anawononga maiko onse aja n'kusiya limodzi. Pambuyo pake John Byrne analembanso chiyambi cha Superman mu The Man of Steel mu 1986. Superman ameneyu ndiye anaphedwa ndi chilombo chotchedwa Doomsday mu 1992, n'kuukanso, n'kukwatira Lois mu 1996. Malo achiwiri ndi Flashpoint ya 2011. Mu Seputembala chaka chimenecho DC inatulutsa mabuku 52, onse kuyambira pa nambala 1, ndipo nyengoyo imatchedwa The New 52. Superman wa nyengo imeneyi ndi wachinyamata, anayamba ntchito yake atavala jinzi ndi tisheti, ndipo ukwati wa 1996 uja kwa iye sunachitikepo.

Nditafika apa, buku loyamba linamveka. Koma lachiwiri linakhala lovuta kwambiri, chifukwa mwamuna wapabanjayo akutuluka patapita zaka zisanu mbiri yake itafufutidwa. Anachokera kuti?

Yankho linandipititsa ku Convergence ya 2015. M'nkhani imeneyo zikuoneka kuti mizinda ina ya m'mbiri zofufutidwa inasungidwa kwina, kunja kwa nthawi, ndipo Clark ndi Lois a ukwati uja anali mu umodzi mwa mizindayo. Jon anabadwira komweko, mu Convergence: Superman #2 ya Dan Jurgens. Kenaka mu Superman: Lois and Clark, makope asanu ndi atatu, banjali likupezeka kuti lakhala mobisa pa dziko la The New 52 kwa zaka zambiri, likudzitcha banja la White, bamboyo ali ndi ndevu ndi chovala chakuda, akuthandiza anthu osaonekera. Zikutanthauza kuti kwa kanthawi dziko limodzi linali ndi a Superman awiri, ndipo onse anali mu kanoni. Mu 2016 wachinyamata uja anamwalira mu Superman #52, kope lomaliza la nkhani ya The Final Days of Superman, wamkuluyo n'kutenga malo ake pamene nyengo ya Rebirth inayamba. Action Comics inabwereranso ku manambala ake akale, kuyambira pa 957, ndipo chimenecho chinali chizindikiro chakuti kampani ikufuna owerenga ake akale.

Ndikanalekera pamenepa ndikanati weniweni ndi wapabanja, winayo anafa. Koma ndinali ndi lamulo limodzi limene ndinkatsatira: usamalize usanaone ngati buku lina la pambuyo pake silinagwirenso nkhaniyo. Ndipo linagwira. Mu Malichi 2017 munatuluka Superman Reborn, makope anayi okha: Superman #18 ndi #19, Action Comics #975 ndi #976. Mmenemo zikunenedwa kuti awiriwo sanali anthu osiyana, koma munthu mmodzi amene anang'ambidwa pakati, mbali ina mphamvu yofiira, ina yabuluu. Pomaliza mbali ziwirizo zikulumikizana, ndipo mbiri ya dziko lonse ikulembedwanso kuti aliyense azikumbukira Superman mmodzi yekha kuyambira kale.

Pamenepa ndi pofunika kuchedwapo, chifukwa kulumikiza mbiri ziwiri sikutanthauza kuti zonse za mbali ziwirizo zatsala. Wina amasankha. Kuti ndione zimene anasankha ndinawerenga Action Comics #977 ndi #978, mmene Superman mwiniwake akuonereranso moyo wake wonse. Imfa ya mmanja mwa Doomsday inatsala. Ukwati unatsala. Chibwenzi ndi Wonder Woman chinachoka, ngakhale kuti chinali ndi buku lakelake la mwezi ndi mwezi kwa zaka zingapo. Kubadwa kwa Jon kunasamuka: sanabadwirenso ku mzinda wa kunja kwa nthawi, koma ku Fortress of Solitude, nyumba ya bambo ake ya ku chisanu. Koma chinthu chimodzi chachikulu chinatengedwa ku The New 52: makolo a Clark, Jonathan ndi Martha Kent, anakhalabe omwalira pa ngozi ya galimoto iye ali mnyamata. Izi zinandipweteka, chifukwa kwa ine Superman amene amatha kupita kwawo kukafunsa nzeru kwa amayi ake ndi munthu wokwanira kuposa amene amangowakumbukira. Patapita zaka ziwiri ndi miyezi, mu Doomsday Clock #12 ya Disembala 2019, Geoff Johns ndi Gary Frank anawabwezeretsa amoyo. Mukawerenga makope a mwezi ndi mwezi a pambuyo pake, muwapeza ali pa famu yawo ku Smallville.

Ndiye onani mmene funso limodzi la makolowa lasinthira. Mu 1986 ali moyo. Mu 2011 anafa. Mu 2017 akadali akufa ngakhale ukwati wabwerera. Mu 2019 ali moyo. Palibe buku lakale limene linawotchedwa, onse alipobe. Chasintha ndi chimene buku latsopano likukumbukira. Zili ngati nkhani ya malire a munda: mapepala akale alipo, koma mawu amene akugwira ntchito ndi a bwalo lomaliza limene linaweruza.

Chimene ndinachiona bwino nditamaliza mzere wanga wa zaka ndi chakuti zifukwa za m'nkhani zimabwera pambuyo pa chiganizo cha akonzi. Mphamvu yofiira ndi yabuluu, kapena Doctor Manhattan wa mu Doomsday Clock amene akuti anasokoneza nthawi, ndi njira zofotokozera chiganizo chimene chinapangidwa kale mu ofesi: akonzi akufuna ngwazi yachinyamata yokopa owerenga atsopano, kapena akufuna kubweza imene owerenga akale akuilira. Sindikuona cholakwika pamenepo. Munthu wa m'nthano amene wadutsa mmanja mwa olemba ambirimbiri kuyambira 1938 sangakhale ndi mbiri imodzi yosaduka. Chimene chimandidandaulitsa ndi pamene afufuta chinthu osaganizira zimene zatsamira pa icho. Byrne atanena kuti Clark sanakhalepo Superboy ali mwana, gulu la ngwazi za m'tsogolo la Legion of Super-Heroes linatsala lopanda maziko, chifukwa linayamba potengera chitsanzo cha Superboy yemweyo. Olemba anachita kupeka kadziko kapadera kopangidwa ndi Time Trapper, mdani wa gululo, kuti atseke dzenjelo, ndipo mbiri ya gululo inavuta kwa zaka zambiri. Mukaona buku likufotokoza motalika chifukwa chimene munthu wina akukumbukirira chinthu chimene sichinayenera kuchitika, dziwani kuti mwaponda pa chigamba chotere.

Njirayi ili ndi malire ake. Kuyambira pa Dark Nights: Death Metal ndi Infinite Frontier mu 2021, DC inayamba kunena kuti nkhani zonse zinachitika ndipo ngwazi zimatha kukumbukira miyoyo yawo yakale. Mawuwa ndi okoma, koma sathandiza pamene nkhani ziwiri zikutsutsana poyera. Pamenepo chimene ndimachita ndi kutsegula makope atsopano a Action Comics ndi Superman n'kuona zimene akutchula ngati zinachitikadi. Chimene chatchulidwa chili mkati. Chimene chatsutsidwa chatuluka. Chimene sichinatchulidwe chimangodikira wolemba amene adzachifune. Mafilimu ndi makatuni ali ndi mbiri zawozawo, choncho sindiwawerengera pa funso la makomiki, ndipo Absolute Superman amene anayamba mu 2024 ali pa dziko lina.

Yankho la funso langa linakhala lotere: m'mbiri yaikulu ya DC, Clark Kent anakwatira Lois Lane, Jon ndi mwana wawo, ndipo mbeta ya 2011 ija ndi mbali ya munthu yemweyu. Wofuna kudzionera yekha sayenera kuwerenga zaka zonse. Ayambe ndi Superman: Lois and Clark, atsatize The Final Days of Superman, kenaka Superman Reborn pamodzi ndi Action Comics #977 ndi #978, amalize ndi Doomsday Clock #12 chifukwa cha makolo aja.