Zolemba za tchati, Mzuzu: oda iti pa sapoti ya 1.0800?

Sabata ino ntchito pa akaunti yoyeserera inali imodzi: mtengo ukamayandikira mulingo womwe wabwererapo kangapo, tilowe ndi oda yamtundu wanji? Chitsanzo chake ndi EURUSD, mtengo wa yuro m'madola a ku America, pa pulogalamu yochitira tiredi ya MT5, tchati cha ola limodzi. Manambalawa ndi ophunzirira chabe, koma masamu ake ndi enieni.

Mtengo uli pa 1.0830 ndipo ukutsika. Sapoti, mulingo womwe mtengo wakhala ukufikapo n'kubwerera kumwamba, ili pa 1.0800. Mtengo ukabwerera, tikufuna kutuluka pa 1.0860, ndipo Stop Loss, yomwe imatseka tiredi ikamaluza, tayiika pa 1.0780, kunsi kwa sapotiyo. Akaunti ili ndi madola 250, ndipo lamulo ndi lakuti tiredi imodzi isadye zoposa 1 peresenti, omwe ndi madola 2.50. Loti ndi kukula kwa tiredi, ndipo pipi ndi kusuntha kwa mtengo ndi 0.0001. Pa loti ya 0.01, pipi imodzi ya EURUSD ndi masenti 10, ndiye kuti mtunda kuchokera polowera kufika pa Stop Loss usapitirire mapipi 25. Nambala imeneyi musaiiwale, chifukwa ndi imene igamule mlandu wonse.

Tiyambe ndi Buy Limit, yomwe imaikidwa kunsi kwa mtengo wapano n'kumadikira kuti mtengo utsike udzaipeze. Ambiri amaiika pa 1.0800 penipeni, kenako kandulo imatsika mpaka 1.0799, n'kukwera, oda osalowa. Munthu amayamba kukayikira buloka kuti wamubera, chonsecho nkhani ndi yoti msika uli ndi mitengo iwiri. Makandulo a pa MT5 amajambulidwa ndi mtengo wogulitsira, womwe pa sikirini ndi Bid, pomwe wogula amagula pa Ask, womwe umakhala pamwamba pang'ono. Ngati sipuredi, mpata wa pakati pa mitengo iwiriyi, ili mapipi 2, nthawi imene tchati chimaonetsa 1.0799, Ask anali pa 1.0801. Oda yanu sinakhudzidwe n'komwe. Kuti ilowe pamafunika kuti kandulo ifike pa 1.0798.

Mankhwala ake ndi osavuta. Yatsani mzere wa Ask mu Properties ya tchati kuti muziona mitengo yonse iwiri, ndipo Buy Limit muziikweza ndi sipuredi kuwonjezapo pipi imodzi. Apa ikhala pa 1.0803. Kufika pa Stop Loss ndi mapipi 23, kapena kuti madola 2.30, ndipo phindu loyembekezeka ndi mapipi 57. Lamulo lija silinaphwanyidwe, ndipo chomwe mungapeze ndi chachikulu pafupifupi kawiri ndi theka kuposa chomwe mungataye.

Koma mtengo wabwinowu uli ndi msonkho wake, ndipo anthu saukamba mokwanira. Sapoti ikagwira, Buy Limit imalowa nthawi zina, nthawi zinanso mtengo umabwerera usanaifike. Sapoti ikasweka, imalowa nthawi zonse. Ndiye kuti tiredi zoipa mumazitola zonse, zabwino zina n'kukuphonyani. N'chifukwa chake ndi bwino kuona mmene mtengo ukuyandikirira mulingowo. Ukamatsika pang'onopang'ono, makandulo ang'onoang'ono okhala ndi michira kunsi, Buy Limit ili ndi mwayi. Ukamatsika ndi makandulo ataliatali otsekera kunsi kwenikweni, liwiro losachepa, chotsani odayo. Si nzeru kuimirira kutsogolo kwa lole imene yaduka mabuleki pa mapiri a Chiweta.

Amene safuna kugula mtengo ukadali kugwa amadikira kandulo itseke kaye. Tinene kuti kandulo ija yafika pa 1.0799 yakwera mpaka 1.0818 n'kutsekera pa 1.0814, mchira wautali kunsi. Umboni woti ogula alipo waoneka. Apa pali njira ziwiri.

Yoyamba ndi kudina Buy pompopompo pa Market Execution. Mulowa ndithu, koma pa Ask, 1.0816. Kufika pa 1.0780 tsopano ndi mapipi 36, madola 3.60, ndipo phindu latsika kufika pa mapipi 44. Lamulo lasweka kale. Kuchepetsa loti sikutheka ngati buloka wanu salola yochepera 0.01, monga zilili kwa ambiri. Mukasunthira Stop Loss kunsi kwa mchira wa kanduloyo, pa 1.0794, mtunda ukhala mapipi 22, ndipo zitheka, kungoti Stop Loss yoteroyo ili pafupi kwambiri ndi malo omwe mtengo umakonda kubwerera kukanunkhiza kachiwiri.

Yachiwiri ndi Buy Stop pamwamba pa kanduloyo, kuti mulowe pokhapokha mtengo ukapitiriza kukwera. Nayonso imayatsidwa ndi Ask. Nsonga ya kandulo ndi 1.0818 pa tchati, kutanthauza 1.0820 pa Ask, choncho mukaiika pa 1.0819 ilowa nsongayo isanadutsidwe n'komwe. Malo ake ndi 1.0822. Kuchokera pamenepo kufika pa 1.0780 ndi mapipi 42, pomwe phindu ndi 38 okha. Ngakhale mugwiritse ntchito Stop Loss ya pa 1.0794, mtunda ndi mapipi 28, madola 2.80, ndipo mwadutsabe malire. Komanso Buy Stop ikayatsidwa imasanduka oda yogula pa mtengo uliwonse umene ulipo panthawiyo. Msika ukathamanga, mungaike 1.0822 koma n'kulowa pa 1.0826. Mudzazindikira poyerekeza mtengo womwe munaika ndi womwe walembedwa mu History.

Kwa ine, pa tchati chimenechi Buy Stop ilibe ntchito, chifukwa mpata wa mapipi 60 pakati pa sapoti ndi potulukira ndi wochepa moti kugula umboni kumadya gawo lalikulu la phindu. Ikanayenera potulukira pakanakhala patali, tinene 1.0920, komanso mtunda wofika pa Stop Loss ukanakhala wosapitirira mapipi 25, kapena mukanakhala mukusaka kusweka kwa mulingo wa pamwamba osati kubwerera kwa mtengo. Amene amagulitsa atembenuze zonse: Sell Limit imakhala pamwamba, Sell Stop kunsi, ndipo zonsezi zimayatsidwa ndi Bid, pomwe Stop Loss ya wogulitsa imagundidwa ndi Ask yemwe makandulo samuonetsa.

Wotchi nayo imalowererapo. Lipoti la ntchito za ku America, lomwe kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, kuno limafika 14:30 kuyambira pakati pa Malichi kufika kumayambiriro a Novembala, ndi 15:30 miyezi inayo. Nthawi imeneyo sipuredi imakula ndipo mtengo umalumpha, kotero Buy Stop ndi Market Execution zimalowa patali. Sipuredi imakulanso New York ikamatseka tsiku, cha m'ma 23:00 kapena pakati pa usiku malinga ndi nyengo, ndipo Buy Stop yosiyidwa usiku ikhoza kuyatsidwa ndi Ask wokwera yekha, kandulo osasuntha.

Pali china chokhudza ife a kuno. Mvula ikagwa ku Katoto kapena ku Luwinga, foni n'kutaya netiweki, kudina Buy kumachedwa kufika ndipo mtengo umakhala utasuntha. Buy Limit ndi Buy Stop, pamodzi ndi Stop Loss yake, zimakhala pa seva ya buloka, choncho zimagwira ntchito ngakhale foni itazima. Ubwino womwewo ndiwo ngozi yake: oda imene mwaiiwala imalowa patapita masiku, zifukwa zoiikira zitatha kale. Lembani Stop Loss nthawi yomweyo mukuika odayo, ndipo pa Expiration sankhani Specified n'kuika nthawi yofanana ndi 22:00 ya kuno tsiku lomwelo, kuti ikapanda kulowa idzichotse yokha sipuredi ya usiku isanakule.