Tchanelo yaing'ono yokhala ndi vidiyo yoonedwa kwambiri

Zija zimandizunguza mutu zandilowa tsopano. Aphunzitsi athu pa kosi yopanga mavidiyo ankangobwereza kuti posankha nkhani ya tchanelo ya YouTube uyeze zinthu zitatu: zomwe ukudziwa, zomwe anthu akufuna, ndi kuchuluka kwa opikisana nawe. Chabwino, koma uyeza ndi chiyani? Apa amangodumpha, nthawi n'kutha tikukambirana za maikolofoni.

Chomwe chanditsegula maso n'chakuti kuchuluka kwa opikisana nawe pakokha sikukuuza kanthu. Akakhala kuti palibe, mwina ndi malo abwino omwe ena sanawaone, koma mwinanso n'chifukwa palibe amene amafuna nkhaniyo. Choyenera kuyang'ana ndi kusiyana kwa oonera vidiyo ndi otsatira tchanelo.

Lembani mawu mu kabokosi kofufuzira ka YouTube, muone mawu omwe ikumalizitsa yokha, poti amachokera ku zomwe anthu amafufuza. Kenako pa Filters sankhani "This year" kuti muone mavidiyo a chaka chino okha. Tiyerekeze mwapeza tchanelo ya otsatira 600 koma vidiyo yake imodzi yaonedwa ka 20,000. Anthuwo sanabwere chifukwa chomudziwa mwini wake ayi, anabwera ndi funso, ndipo anakhutira ndi yankho la munthu wosadziwika poti panalibe lina labwino. Mukapeza mavidiyo otero angapo pa nkhani imodzi, mpata ulipo. Ine njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa zonse, Google Trends yoonetsa zomwe anthu akufufuza ija isayandikire n'komwe, poti mawu a Chichewa kawirikawiri imangoti deta yachepa.

Ndayesera pa nkhani zanga. Mpira wa ku England oonera ndi ankhaninkhani, koma mavidiyo oonedwa kwambiri ndi a matchanelo akuluakulu okhaokha, ndipo vidiyo ya masewero a Loweruka pofika Lachiwiri yafa kale. Masamu a MSCE amafunidwa, kungoti ophunzira amakhamukira mayeso a MANEB akayandikira, ndipo akalemba amapita osabweranso.

Nkhuku za mikolongwe ndiye zandikoka. Ndinatenga kope n'kuyamba kulemba mitu osafufuza paliponse: katemera wa chitopa wodonthetsera m'diso uja wa I-2 ndi chifukwa chomubwerezera pakatha miyezi inayi, kasakanizidwe ka madeya ndi soya wokazinga, kutenthetsa anapiye ndi mbaula magetsi akazima, kuzindikira nkhuku yomwe yasiya kuikira. Tsamba linadzaza. Pa masamu cholembera chinaima msanga, ndipo umenewo ndiwo muyeso wa zomwe ukudziwa, osati satifiketi. Komanso funso la chitopa limabweranso chaka chilichonse nyengo yotentha, choncho vidiyo siikalamba.

Chotsala chimene chikundisowetsa mtendere ndi bandulo. Mlimi wofuna yankholi ali ndi deta yoonera vidiyo ya mphindi khumi, kapena angodikira wina amutumizire kachidutswa pa WhatsApp, komwe YouTube siiwerenga? Ndikalankhula Chingerezi oonera achuluka, koma ndagwera pakati pa alimi a ku Kenya ndi Nigeria omwe anayamba kalekale. Ndikalankhula Chichewa bwalo ndi langa, kaya mubwera anthu angati.