Mphindi 19 zomwe zinatsala pa tepi

Mwezi uno m'kalasi yathu yolemba nkhani zazifupi anatipatsa ntchito yolemba za munthu wotola chinthu chomwe samachifunafuna. Ine ndinasankha mnyamata wokonza mavidiyo. Mayi wina wamubweretsera matepi a ukwati wake wa mu 2004 kuti awasamutsire pa kompyuta, ndipo powaonera akupezamo bambo a mkwatibwi, omwe pano ndi malemu, pa kamphindi komwe aliyense anakaiwala.

Ndinailemba usiku umodzi, n'kumadzimva kuti ndaphula. Aphunzitsi atawerenga anangoti, "Vidiyo ya ukwatiyi banja laionera zaka zonsezi. Nanga kamphindi kanuka kanabisala pati?" Ndinangoti kukamwa yasa. M'nkhani yanga mnyamatayo amangoona bamboyo, misozi n'kuyamba. Chifukwa choti kamphindiko kaiwalike munalibemo.

Loweruka ndinapita kwa achimwene ena omwe akhala akujambula maukwati kuyambira nthawi ya matepi. Anatulutsa m'katoni tepi ya MiniDV, yoposa pang'ono bokosi la machesi, n'kundiuza kuti imodzi imalowa mphindi 60. Kuti ilowe pa kompyuta, amaiika m'kamera, kulumikiza ndi chingwe cha FireWire, kenako n'kuisiya izungulire. Palibe chidule: tepi ya ola limodzi imatenganso ola lathunthu, ndipo imadya malo pafupifupi 13 GB.

Chomwe chinandigwira mtima n'china. Kamera ikamajambula imalemba nambala ya nthawi pa chithunzi chilichonse, zithunzi 25 pa sekondi. Tsono wojambula akabweza tepi kuti aone zomwe watenga, n'kuipititsa kutsogolo mopyola pomwe analekezera, pamatsala mpata wopanda kanthu. Akayambanso kujambula, nambala ija imayambiranso pa 00:00:00:00. Posamutsa, pulogalamu ikafika pa mpatawo nthawi zambiri imangoima. "Munthu wa changu amati yatha," anatero achimwenewo, "makamaka eni ukwati akakhala kuti ali pakhomo kudikirira DVD yawo."

"Nanga mumadziwa bwanji kuti sinathe, achimwene?"

"Umayang'ana pa kawindo ka tepi. Ngati yatsala yambiri, ipititse kutsogolo. Mwina mulibe kanthu, mwina muli."

Ndinabwerera kunyumba n'kuyambiranso. Pano mnyamata uja akusamutsa tepi yachitatu, ya ku holo. Perekaniperekani wafika pakati, azakhali akuvina akuponya ndalama m'beseni, kenako skirini yangoti buluu. Fayilo yatuluka ya mphindi 41, pafupifupi 9 GB. Akusuzumira pa kawindo, tepi ikadalipo. Akuipititsa kutsogolo pang'ono, ndipo chithunzi chikubwera chopendekeka, chifukwa wojambula anaika kamera pampando kuseri kwa holo osadziwa kuti ikujambula.

Apa m'pomwe ndinavutika kwambiri. Poyamba ndinafuna nkhope ya bamboyo ioneke bwinobwino. Koma kamera yoiwalidwa pampando siloza nkhope ya munthu woimirira. Ndiye ndinasiya mapazi okha: nsapato zobwereka zomwe zikuwathina, avula imodzi, sokosi yabooka pa chala chachikulu. Mawu akumveka, osakanikirana ndi jenereta. Akuwerenga kapepala, kuyeserera zoti akanene kwa mwana wawo, akulakwitsa, akubwereza. Mu DVD yomwe banja limaidziwa, bamboyu atapatsidwa maikolofoni anangoti "Zikomo nonse chifukwa chobwera," n'kukhala pansi. Mwana wawo wakhala akuganiza kuti analibe chomuuza.

Mwa mphindi 19 zotsalazo, bamboyo amveka masekondi 40 okha. Zinazo ndi miyendo ya ana odutsa ndi phokoso la mbale zotsukidwa. Ndinayesedwa kuti ndiwonjezere nthawi yawo, koma ndinadziletsa, pakuti ndikanatero akanasanduka mlaliki. Ziganizo ziwiri ndi theka, kenako wina akuwaitana, "Atsibweni, akukufunani m'katimu," phazi likulowa m'nsapato movutikira.

Misozi ya mnyamata uja ndinaichotsa yonse. Si bambo ake, angalire chiyani? Chomwe akuchita n'kubweza masekondi 40 aja katatu, kuchepetsa kulira kwa jenereta, kenako n'kuona kuti akachepetsa kwambiri mawu a bamboyo akumveka ngati ochokera m'chitini. Akubwezeretsa jenereta pang'ono.

Pothera pake sitinagwirizane ndi aphunzitsi. Iwo akufuna tione mayi uja akuonera kachigawoko. Ine ndaimaliza mnyamatayo ali ndi foni m'manja, wapeza nambala ya mayiyo, koma sakudziwa ngati auziretu kapena angoika kachigawoko kumapeto, pambuyo pa keke. Tikakumana Lachinayi ndiwerenga yangayi m'kalasi, ndipo achimwene aja andibwereka tepi imodzi yakufa kuti anzanga akaone kawindoko ndi maso awo.