Sabata yophunzitsa moni pa sukulu yathu ya mmera mpoyamba

Ndine mlezi pa sukulu ya mmera mpoyamba kuno ku Mchinji, chakufupi ndi msika wa Kamwendo. Timalera ana a zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo akakwanitsa zisanu ndi chimodzi timawaperekeza ku Sitandade 1. Sabata yathayi tinaipatulira nkhani ya moni, chifukwa a komiti anatiuza kuti Lachisanu a mfumu adzabwera kudzaona denga la khitchini lomwe makolo anafolera.

Lolemba ndinayamba ndi kungoona. Ndinakhala pa mpando pakhomo, mwana aliyense wofika ndikumusiya andipatse moni mmene amachitira kwawo. Ena anagwada patali n'kuyankhula motsitsa. Ena anangodutsa kuthamangira kumene kunali kununkhira phala. Kamnyamata kena komwe kangobwera kumene kuchokera ku Lilongwe kanakweza chala chachikulu n'kuti, "Bho!" Koma chomwe chinachuluka ndi chija ndimachimva chaka chilichonse kwa ana a zaka zitatu: "Wadzuka bwanji, aphunzitsi?"

Anthu ambiri akamva mwana akunena "wadzuka" kapena "kaya iwe" kwa munthu wamkulu amati ndi mwano. Si mwano. Mwana amabweza chimene amamva, ndipo kuyambira ali kumsana aliyense amamuuza kuti "wadzuka", "bwera", "iwe". Mawu oti "mwadzuka" amawamva akudutsa pamwamba pake, pakati pa akuluakulu, ndiye sadziwa kuti nayenso akuyenera kuwagwiritsa ntchito. Choncho sindimukalipira. Ndimaitana mlezi mnzanga, timapatsana moni pamaso pa ana pang'onopang'ono, kenako ndimatenga chidole cha nsanza n'kuchiveka duku kuti chikhale agogo. Mwana akati "wadzuka" kwa chidolecho, ine ndimangobwereza mawu olondola, "Mwadzuka bwanji, agogo?", iye n'kutsatira. Sitiphunzitsa moni wonse tsiku limodzi. Lolemba linali la funso lokha. Yankho lakuti "Ndadzuka bwino, kaya inu?" ndi "zikomo" wotsekera zinadikira mawa lake.

Lachiwiri tinalowa za thupi, ndipo apa ndimaphunzitsa zinthu ziwiri zosiyana chifukwa ana amazisakaniza. Wamkulu akakhala pansi, pamphasa kapena pakhonde, mwana sapereka moni ataima chilili pamutu pake. Amafika chapafupi, mtsikana amagwada, mnyamata amanyonyomala kapena kugwada, ndiye kenako mawu. Thupi liyambe latsika, mawu abwere pambuyo. Koma akakumana ndi wamkulu panjira, mwana amapatuka pang'ono, amaima, amapinda maondo pang'ono ndi kuwomba m'manja mofatsa. Izi ndimazinenetsa chifukwa sukulu yathu ili pafupi ndi msewu waukulu wopita ku boma, ndipo chaka chatha ndinaona kamtsikana katagwada m'mphepete mwa phula njinga za kabaza zikudutsa, chifukwa kanauzidwa kuti wamkulu aliyense amagwadiridwa. Pamsewu ndimawauza kuti ayambe achoka pomwe pakudutsa njinga ndi galimoto.

Dzanja nalo lili ndi vuto lake. Mwana sayamba kutambasula dzanja, amadikira wamkulu. Wamkulu akapereka, mwana amalandira ndi lamanja, lamanzere litagwira mkono wamanjawo cha pansi pa chigongono. Ndikaima moyang'anizana ndi ana n'kukweza dzanja langa lamanja, theka la kalasi limakweza lamanzere, chifukwa amatsanzira mbali imene akuiona. Ndiye ndimakhala pambali pawo, tonse titayang'ana kumodzi, n'kunena kuti "dzanja lodyera nsima". Tili ndi mwana mmodzi wamanzere. Iyeyo ndinamumanga kaulusi kofiira pa dzanja lamanja masiku awiri, ndipo zinatheka. Pojambula ndi pogwira choko ndimamusiya agwiritse lomwe amakonda. Agogo ena kuyambira nthawi ya Covid mu 2020 anazolowera kungowomba m'manja osagwirana chanza, ndiye lamulo loti mwana adikire wamkulu limamuteteza kuti asatsale dzanja lili m'malere.

Nkhani yeniyeni ya sabatayi inabwera Lachitatu. Kutangocha kunafika agogo ena atagwira mdzukulu wawo wa zaka zinayi. Nditawapatsa mpando ndi kuwalonjera, anayamba kudandaula.

"Aphunzitsi, mwana uyu mundithandize. Amatong'olera akulu maso. Amalume ake anabwera Lamulungu kuchokera ku Chipata, iye kumangowayang'anitsitsa kumaso osaphethira. Ndikamuuza kuti ayang'ane pansi, ndiye sayankhanso. Anthu aziti ndikulera chiyani?"

Agogowo sanalakwitse pa mwambo. Kwathu kuno mwana woyang'anitsitsa wamkulu m'maso amaoneka ngati akuderera, makamaka pamene akulangizidwa. Koma kuyang'ana pansi kuli ndi malire ake, ndipo ambiri timapitirira nako. Mwana akatsamiza chibwano pachifuwa, mawu amapita m'dothi, wamkulu samva, amabwereza funso mokweza, mwana amachita mantha n'kutsitsanso mutu. Chimene ndimaphunzitsa ndi ichi: pofika, mwana ayang'ane nkhope ya wamkuluyo kanthawi kochepa kuti adziwe kuti ndi ndani komanso kuti wamkulu aone kuti moni ndi wake. Kenako maso atsike pa manja a wamkuluyo, osati pa zala za kumapazi kwa mwanayo. Maso ndiwo amatsika, mutu umangowerama pang'ono. Akatero mawu amatuluka bwino.

Za mawu ndimayesa motere. Ndimakhala kumapeto kwa mphasa, mwana kumapeto kwina. Ngati ndamva mawu onse osafunsanso, akwana. Ngati amveka mpaka kukhitchini, achuluka. Ana amakonda kukuwa moni akakhala pagulu, monga amachitira poimba, koma kuwatenga mmodzimmodzi ena mawu amathera pakhosi. N'chifukwa chake moni wa kalasi yonse sindiuwerengera.

Ndinamuyesa mdzukulu wa agogo aja momwemo. Atandiyang'ana, ndinati "Wadzuka bwanji?" ndipo anayankha bwino, "Ndadzuka bwino, kaya inu?" Ndinamuuza kuti ayang'ane manja anga n'kufunsanso. Anangoti zii. Patapita kanthawi anadzutsa mutu, ndipo ndinaona kuti sakuyang'ana maso anga ayi. Ankayang'ana milomo.

Apa mtima wanga unagunda. Ndinamupatsa zitsekerero za mabotolo kuti aziseweretsa, ine n'kupita kumbuyo kwake. Ndinamuitana dzina ndi mawu wamba, sanatembenuke. Ndinasuntha cha ku khutu lamanzere n'kuitananso, anatembenuka. Cha kumanja, mpaka nditakweza mawu. Nditapempha agogo kuti tione khutulo, tinapeza mafinya ouma pakhomo pa khutu, ndipo agogowo anati limatuluka madzi nthawi ndi nthawi kuyambira pomwe anadwala chimfine chachikulu m'nyengo yozizira. Iwo ankangopukuta poganiza kuti lidzauma lokha.

Ine si wachipatala, ndipo zomwe ndinachitazo si kupima kwenikweni. Zimangondithandiza kusiyanitsa ana. Mwana wamanyazi amamva bwinobwino: ukamuitana kumbuyo amatembenuka, ali ndi anzake amalongolola, amangouma pakamwa pamaso pa mlendo. Mwana wamantha amadzidzimuka ukatambasula dzanja. Koma mwana amene amayankha pokhapokha akuona pakamwa pako, amene amatembenuzira mbali imodzi ya mutu kwa woyankhula, amene amayang'ana anzake kaye asanachite zomwe wauza gulu, ameneyo vuto lingakhale m'khutu. Kumuumiriza kuyang'ana pansi n'kumulanda njira imene akumvera.

Ndinawapempha agogo kuti apite naye kuchipatala ndi buku lake la kusikelo, ndipo asathiremo mafuta, madzi a masamba kapena kutokosamo ndi kamtengo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye ndakhala ndikumukalipira mwana wosamva?" Misozi inalengeza. Ndinawauza kuti nanenso ndakhala naye miyezi itatu osazindikira, chifukwa pa moni wa gulu ankangotsatira milomo ya anzake. Zinandipweteka, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwana aliyense watsopano ndizimuitana ndili kumbuyo kwake m'sabata yoyamba.

Lachinayi linapita msanga. Tinasewera "kwa agogo": mphasa pansi pa mtengo wa mango, mwana mmodzi mlendo, wina mwininyumba. Mlendo amati "Odi!", mwininyumba "Odini!", amamupatsa pokhala, ndiye kenako moni. Ana ambiri amafuna kupereka moni mlendo akadali chiimire ndi katundu kumutu, ndiye timabwerezabwereza kuti mlendo ayambe wakhala. Tinawonjezera "Mwaswera bwanji?" wa masana, ngakhale a zaka zitatu amasokonezabe ndi wa m'mawa, ndipo pa msinkhu wawo sindidandaula nazo. Kamnyamata ka ku Lilongwe kaja sindinakaletse "bho" wake. Ndinangokauza kuti ameneyo ndi moni wa anzake pa mpira, wa akulu ndi wina. Kanamva mosavuta.

Chinthu china chimene ndimawauza makolo pobwera kudzatenga ana, ndipo ena sachikonda, n'chakuti moni uli ndi pothera. Mwana apereke ulemu kwa wamkulu aliyense, koma akamaliza abwerere kwa mayi ake kapena kukasewera. Kugwada sikutanthauza kuti atsatire munthu wosamudziwa amene wamuitanira masiwiti, kapena kuti akakamizidwe kukhala pamiyendo pa mlendo iye asakufuna.

Lachisanu a mfumu anafika cha m'ma 9 koloko pamodzi ndi nduna yawo. Tinawayalira mpando pamthunzi. Sindinafune kuti ana onse akuwe pamodzi, choncho ankapita awiriawiri. Ena anaiwala "zikomo", mmodzi analira n'kubwerera, ndipo ndinamunyamula osamukakamiza. Wamanzere uja anapereka dzanja loyenera popanda ulusi.

Mdzukulu wa agogo aja anabwera mochedwa, chifukwa dzulo lake anali kuchipatala ndipo anamupatsa mankhwala n'kuwauza tsiku lobwereranso. Ndisanamutumize, ndinapita kukagwada pambali pa nduna n'kufotokoza kuti mwanayu khutu lamanja likuvuta, ayang'ana pakamwa pa a mfumu kuti amve, asaone ngati mwano. Nduna inanong'oneza a mfumu. Mwanayo atagwada, a mfumu anawerama, anatembenukira ku khutu lake lamanzere n'kuyankhula pang'onopang'ono. Iye anayang'ana milomo yawo mpaka atamaliza, kenako anatsitsa maso pa manja awo n'kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu?" Agogo ake anali chapatali pafupi ndi khitchini, akuwomba m'manja mwakachetechete.

M'kaundula ndalemba dzina lake pa mzere wa kutsogolo, mbali yoti khutu lamanzere lizikhala kwa ine, ndipo Lolemba ndidzawafunsa agogo ngati mafinya asiya kutuluka.